Avereji ya taitireshoni: tayang'ananso chithunzi chija

"Ndine mphunzitsi ku Thyolo. Pa tebulo lili pachithunzipa, avereji ya mwana ndi 24.43 cm³. Ndimupatse malikisi?"

Aphunzitsi, chithunzi chomwe mwatumiza chikuoneka bwino, ndipo yankho pa avereji ndi lakuti ayi. Mwanayu waphatikiza zotsatira zonse zinayi: 24.90 yoyesera chabe, kenako 24.20, 24.35 ndi 24.25. Yoyeserayo silowa mu avereji. Pa zitatu zotsalazo timatenga zokhazo zosiyana ndi 0.10 cm³ kapena kucheperapo, ndiye 24.20 ndi 24.25, zomwe zayandikana kwambiri kuposa 24.25 ndi 24.35. Ya 24.35 yatalikirana ndi 24.20 ndi 0.15, choncho mwina asidi anapitirira mtundu utasintha kale.

(24.20 + 24.25) ÷ 2 = 24.225, yomwe timalemba 24.23 cm³.

Musanakhulupirire nambala za mzere wapansi wa tebulo, chotserani nokha. Pa ulendo wachitatu byureti inayambira pa 0.50 n'kuthera pa 24.85, ndipo 24.35 ndi yolondola. Ana ambiri amangokopera 24.85 poiwala kuti sanayambire pa ziro. Malikisi a tebulo mupatseni, chifukwa nambala iliyonse ili ndi madijiti awiri pambuyo pa kadontho, yothera ndi 0 kapena 5. A avereji okhawo ndiwo ataye.