Mawu a tsiku lotsanzikana ndi ana a nazale

Mphunzitsi wa ku Chibavi: Aphunzitsi anzanga, Loweruka tikutsanzikana ndi ana 18 omwe akukayamba Sitandade 1 mu Seputembala, ndipo ahedi asankha ine kuti ndidzalankhule. Ndalemba masamba atatu, koma onse ndikuthokoza makolo. Anawo ndiwauze chiyani?

Mayi a ku Luwinga: Masamba atatu achuluka, amayi. Tsamba limodzi, mphindi zinayi, basi. Anawo amakhala atakhala pabenchi kuyambira m'mawa, ndiye kuzizira kwa Julayi kuno mukukudziwa. Mukaona ayamba kukokana magauni ndi kupempha kupita kuchimbudzi, mwatalikitsa.

Mukapereka ulemu kwa alendo, yambani ndi ana akadali tcheru. Musawalalikire, afunseni: "Ana inu, imirirani! Ndani amatha kulemba dzina lake? Kwezani mkono. Tiwerenge limodzi mpaka 10!" Kenako auzeni chinthu chimodzi chimene chikawathandize: "Kupulayimale mukapeza ana ambiri ndi aphunzitsi achilendo. Mukafuna kutuluka kapena simunamve, mukakweze mkono ngati mmene mwachitiramu." Mwana amene walemba bwino kuposa anzake musamutchule dzina, chifukwa makolo 17 enawo abwerera ndi mtima wowawa.

Bambo a ku Mchengautuwa: Ndikugwirizana nazo, koma zonse zikhale m'Chingerezi. Makolo amalipira kuti amve Chingerezi. Komanso muwakumbutse za ngongole ya fizi, tsiku limenelo ndi lomwe amabwera onse.

Mayi a ku Luwinga: Chingerezicho achimve kwa ana, m'ndakatulo ndi nyimbo zawo. Kuthokoza kukhale m'Chichewa, mutsirize ndi "yewo chomene", kuti agogo nawonso amve. Ndipo musangoti "makolo", popeza ana ena akuleredwa ndi achibale. Nenani kuti: "Makolo, agogo, azakhali ndi nonse olera ana awa, mwawadzutsa kukuzizira, mwawaperekeza m'matope mvula ikuwaza, mwasonkha ufa ndi shuga wa phala. Tikuthokoza." Mukatchula zimene anachitadi, amadziwa kuti munaona.

Za fizi ayi ndithu, bambo. Mayi amene ali ndi ngongole adzaweramitsa mutu pamaso pa mwana wake.

Mphunzitsi wa ku Zolozolo: Ife magauni tinabwereka kusukulu ina, zimatchipa kusiyana ndi kusoketsa.

Mphunzitsi wa ku Chibavi: Magauni tili nawo, asisi, vuto ndi mawu. Mayi a ku Luwinga, nanga mlendo wolemekezeka akayamba iyeyo n'kunena zonse zomwe ndakonza?

Mayi a ku Luwinga: Pemphani oyendetsa mwambo akuikeni patsogolo pake, mlendo amalankhula pomaliza. Zikakanika, siyani zimene wanena kale, koma mafunso a ana aja musawataye.

Bambo a ku Mchengautuwa: Chabwino, koma mwana akatuluka ndi satifiketi ngongole ija simudzaionanso. Ndiye tiziitolera liti?

Mphunzitsi wa ku Chibavi: Imeneyo ndiwasiyira ahedi ndi a komiti, akumane ndi eni ake paokha Loweruka lisanafike. Usiku uno ndidula masamba aja, mawa ndiyeserera ndi ana m'kalasi ndili ndi wotchi.