Mzere wa Arrhenius ukupindika, nditenge Ea iti?

Anzanga, ndithandizeni maganizo. Ndikuyeza kayendedwe ka magetsi, σ, mu kachidutswa ka zikoniya wosakaniza ndi itiriya (8 mol% Y2O3), kuyambira 573 K kufika 1073 K. Cholinga ndi kupeza Ea, mphamvu imene ayoni ya okosijeni imafuna kuti idumphire pamalo opanda kanthu oyandikana nawo.

Ndikugwiritsa ntchito σT = A exp(−Ea/kT), choncho ndajambula ln(σT) moyang'anizana ndi 1000/T. Pansi pa 800 K madontho agona bwinobwino pamzere umodzi. Kutsetsereka kwake ndi −12.5, kutanthauza 12,500 K; ndikachulukitsa ndi k = 8.617×10⁻⁵ eV/K ndikupeza 1.08 eV. Koma kupitirira apo mzere ukuyamba kugona, kutsetsereka kukufika −10.2, ndiye kuti 0.88 eV basi.

Apa ndipomwe mutu wandiima. Ndikuganiza kuti pozizira malo opanda okosijeni amamatirira ku ayoni za Y³⁺, kotero 1.08 eV ndi mphamvu yodumphira kuphatikizapo yomasukira, ndipo kusiyana kwa 0.2 eV n'kwa kumasukako. Chondikayikitsa n'chakuti σ ndinaitenga pa kukana konse kwa kachidutswako, osapatula gawo la m'malire a tinjere take, lomwe limakula pozizira.

Kodi malirewo paokha angapinde mzere chonchi? Ndipo ngati kupindikako n'kwenikweni, mungatchule 0.88 eV ngati mphamvu yodumphira, pomwe madontho anga akumtundako ndi asanu okha?