Za kuyala mafunso kuyambira osavuta: zimene taona titachonga

"Ndayala mafunso 40 a masamu kuyambira osavuta mpaka ovuta monga munandilangizira, koma ana ambiri sanafike kumapeto. Ndalakwitsa pati?"

Tayang'ana pepala lija, ndipo vuto lili pa funso lachitatu. Kwa inu mphunzitsi ndi losavuta, koma mwa ana 50 analikhoza ndi 14 okha. Kuti funso ndi losavuta tisamangoganizira. Tiwerenge amene alikhoza n'kugawa ndi onse amene analemba. Apa 14 kugawa ndi 50 ikutipatsa 0.28, kutanthauza kuti funsoli ndi lovuta ndithu, malo ake ndi chakumapeto. Mafunso asanu oyamba akhale oti ana 8 mwa 10 alionse angawakhoze, afupiafupi, a sitepe imodzi.

Mwana wamantha akakakamira koyambirira safuna kudumpha. Amafufuta, kuyambanso, mphindi khumi n'kuthera pomwepo. Mudzazindikira poona mapepala: tsamba loyamba lodetsedwa ndi zofufuta, lomaliza loyera.

Koma samalani ndi mafunso opanda mayankho akumapetowo. Musawawerenge ngati ovuta, pakuti ambiri sanawafike n'komwe. Nambala yawo idzakunamizani. Ayeseni kaye pa kalasi ina mutawaika pakati, kenako muwapatse malo.