Za alovera uja ndi mankhwala a mtima a amayi

Funso langa lija linali lakuti: "Amayi amamwa mankhwala a mtima a digokisini ndi okodzetsa a fulosemaidi. Akamwa alovera pochiza m'mimba pali vuto?"

Vuto lilipo, ndipo tadzionera tokha. Amayi ankadula tsamba n'kulinyika m'madzi, utomoni wachikasu wowawa uja uli momwemo. Utomoniwo ndiwo umatsegula m'mimba. Iwo ankakondwa, amvekere zoipa zikutuluka.

Patapita masiku anayi anayamba nseru, miyendo kulefuka, mtima kugunda modumphadumpha. Chomwe chinandiopsa ine n'chakuti ankati khoma loyera akuliona lachikasu.

Kuchipatala atayeza magazi anapeza kuti mchere wa potaziyamu watsika. Dokotala anati fulosemaidi amautaya kale kudzera mu mkodzo, ndiye kutsegula m'mimba kunangowonjezera. Potaziyamu akachepa, digokisini yemweyo, pa mlingo wa masiku onse, amapweteka mtima.

Anawaimitsa digokisini kwa masiku angapo, n'kuwabwezeretsa mcherewo. Pano ali bwino. Alovera anasiya, ngakhale amadandaulabe. Za kupweteka kwa m'mimba kuja, akuganizira zilonda, akukayezetsa Lachinayi.