Thandizeni: abwana akaona kamera akuwerenga ngati akuthamangitsidwa, mawu a pa telepulomputa ndiwakonze bwanji?

Mlembi wa Ofesi: Moni nonse pagulu pano. Pepani ndilemba zambiri, mutu wandizungulira. Kuntchito kwathu tikujambula vidiyo ya mphindi 3, abwana athu, mayi aakulu ndithu, akufotokoza za mitengo yomwe bungwe lathu labzala. Ine ntchito yanga ndi ya makalata, koma poti amene ankapanga zimenezi anasiya ntchito osatsanzika, zonse zagwera ine. Telepulomputa, chida chija choonetsa mawu oti awerenge pa galasi la kutsogolo kwa kamera, tinachita kubwereka, mwini wake akuifuna Lachisanu, ndipo mnzanga wa mu ofesi amene amayenera kundithandiza wangoti ali ndi zina. Dzulo tajambula maulendo 14, palibe ngakhale imodzi yooneka. Amayiwa pamsonkhano amalankhula bwino kwambiri, anthu mpaka kuwomba m'manja, koma pa kamera mawu akunjenjemera, akuthamanga, mpweya ukuwathera pakati pa chiganizo, maso akungoyendayenda uku ndi uku. Pomaliza anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwana wanga, mwina vuto ndi mmene walembera." Usiku sindinagone. Ndinangokopera lipoti lathu kuchokera mu Word n'kuliika mu pulogalamu. Ndilikonze bwanji kuti aziwerenga ngati akungocheza?

Mkulu wa Situdiyo: ZILEMBO ZAZIKULU ZOKHAZOKHA. Basi. Ine ndagwira kamera zaka zoposa 20, kuyambira nthawi ya matepi, ndipo telepulomputa timalemba choncho. Ana a masiku ano mukufuna kuyamba ndi zida musanaphunzire ntchito. Ndipo kunena zoona, munthu amene sangathe kuloweza mawu a mphindi 3 asamaime kutsogolo kwa kamera.

Wa Kwaya: Achemwali, amwe madzi ofunda asanayambe, apume mozama katatu. Ife tikamakaimba timatero. Manthawo ndi a m'chifuwa, si a papepala.

Mnyamata wa Mawaya: Ine zinandionekerapo. Tsiku lina mawu onse anatuluka chagada, olembedwa chobwerera m'mbuyo, mlendo wathu n'kungoti kakasi. Ndinali nditaiwala kutsegula Mirror. Galasi lija limatembenuza zilembo, ndiye pa sikirini ziyenera kukhala zotembenuzidwa kale. Onani kaye zimenezo.

Mlembi wa Ofesi: Zikomo achimwene, koma zimenezo zili bwino, mawu akuoneka molongosoka. Vuto ndi kawerengedwe.

Mayi wa Nkhani: Mng'ono wanga, mwatiuza za mnzanu wa mu ofesi ndi za Lachisanu, koma zofunika simunatiuze. Sikirini ndi yaikulu bwanji? Amayiwo akukhala patali bwanji ndi kamera? Ndani akuyendetsa mawu, munthu kapena akuyenda okha? Poyembekeza yankho, ndiyambe ndi zomwe mwanena kale. Lipoti analilembera maso, osati pakamwa. Chiganizo cha mu lipoti chimatha kutenga mizere inayi chisanafike pa mpumiro, ndipo munthu wamantha amafuna kuchimaliza ndi mpweya umodzi. Mpake kuti akubanika. Musanakhudze fonti, werengani nokha mokweza. Pamene mwaima kuti mupume, dulani chiganizo pomwepo.

Mkulu wa Situdiyo: Zonsezo n'zotaya nthawi. Akulitse zilembo, aike zazikulu zokhazokha, nkhani yatha. Mawayilesi a kanema akhala akuchita zimenezi kuyambira kale.

Mayi wa Nkhani: Bambo, ndi zoona kuti ambiri a nkhani anazolowera zilembo zazikulu, ndipo amene anazolowera asasinthe. Koma amayi awa moyo wawo wonse awerenga makalata ndi mabuku a zilembo wamba. Mawu akalembedwa mwa zilembo wamba amakhala ndi maonekedwe ake, zina zotalika m'mwamba, zina zolendewera pansi, ndipo diso limawazindikira msanga. Mawu ngati SITINAKAWAFOTOKOZERE akakhala a zilembo zazikulu amangooneka ngati njerwa imodzi, komanso amadya malo ambiri pa mzere. Chinanso, zonse zikakhala zazikulu simungaonenso pamene chiganizo chayambira, ndipo mulibe njira yosonyezera liwu loti alitsindike.

Mkulu wa Situdiyo: Ine sindinaonepo munthu akulephera chifukwa cha zilembo zazikulu. Amalephera chifukwa sanakonzekere.

Mlembi wa Ofesi: Pepani ndinali pamsonkhano. Ndi tabuleti ya mainchesi 10. Chipinda chathu n'chaching'ono ndiye amakhala pafupi, mwina mita imodzi. Mawu amayenda okha, ndinaika liwiro loti athe ndendende pa mphindi 3. Onse pamodzi ndi mawu 420. Chiganizo chimene amakodwa nacho nthawi zonse ndi ichi: "M'chaka chapitachi, mogwirizana ndi magulu a achinyamata komanso sukulu 12, bungwe lathu lakwanitsa kubzala mitengo yokwana 2,450, yomwe 78% yake yaphuka, zomwe zikusonyeza kuti ndondomeko yathu ikuyenda bwino."

Mayi wa Nkhani: Eya, apa ndiye mwanena. Izi mukanayamba nazo. Amayiwo sakuthamanga chifukwa cha mantha okha, akuthamangitsidwadi ndi makina. Mawu 420 pa mphindi 3 ndi mawu 140 pa mphindi. Liwiro limenelo limatchulidwa kawirikawiri pa Chingerezi, koma mawu a Chichewa ndi aatali, liwu limodzi limanyamula zomwe kwina angazinene ndi mawu anayi kapena asanu. Chitani izi lero: apatseni pepala, awerenge mokweza mosafulumira, inu muyese ndi wotchi mphindi imodzi, kenako muwerenge mawu amene anena. Nambala imeneyo muichulukitse katatu. Amenewo ndiwo mawu amene vidiyo yanu ingalandire, otsalawo achotsedwe.

Ndipo zoyenda zokhazo muzimitse. Khalani inuyo ndi rimoti kapena kiyibodi, muziwatsatira. Akaima, imani. Akafulumira, fulumirani. Mzere umene akuwerenga uzikhala nthawi zonse pamene pali diso la kamera, ndipo mapulogalamu ambiri ali ndi kamuvi kosonyeza malowo. Munthu akaona mawu ake akukwera kupita kumwamba kwa galasi, ali pafupi kusowa, mtima umagunda ndipo amayamba kumeza mawu.

Chiganizo chanucho ine ndingachilembe chonchi, mzere uliwonse mpweya wake:

Chaka chathachi
tinabzala mitengo
yoposa zikwi ziwiri.

Sitinali tokha.
Tinali ndi achinyamata,
komanso sukulu
khumi ndi ziwiri.

Ndipo pa mitengo khumi iliyonse,
pafupifupi ISANU NDI ITATU
yaphuka.

Taonani zomwe zachitika. Manambala ndawalemba mmene anenedwere, kuti asaime n'kumaganiza kuti 2,450 aitchule bwanji. Ngati iwo manambala amawatchula mwa njira ina, lembani mmene amatchuliramo iwowo, osati mmene mukufunira inu. Chizindikiro cha % chachoka. Zoti ndondomeko ikuyenda bwino ndachotsa, woonera adzionera yekha. Mzere wopanda kanthu ndi popumira, ndipo mukamayendetsa muziima pang'ono pamenepo. Zilembo zazikulu ndasungira malo amodzi ofunika kutsindika. Mukatsindika paliponse, amayamba kulankhula ngati akukalipa.

Mkulu wa Situdiyo: Mwaona? Mwabwerera ku zilembo zazikulu zomwe zija. Komanso mwasintha nambala ya eni ake. 2,450 si zikwi ziwiri. Akadzafunsa amene anapereka ndalama muyankha chiyani?

Wowerengera Chuma: Apa ndigwirizana ndi bambowa. Nambala ya mu lipoti isasinthidwe mwachisawawa. Ine anandikalipirapo chifukwa cha nambala imodzi yomwe munthu wina anaifupikitsa mu vidiyo, mpaka tinajambulanso.

Mayi wa Nkhani: "Yoposa zikwi ziwiri" si bodza. Nambala yeniyeniyo ilembedwe pa chithunzi pokonza vidiyo, woonera aione ndi maso. Koma ngati akuluakulu akufuna itchulidwe yonse, ipatseni mzere wakewake, isakhale pakati pa mawu ena.

Mnyamata wa Mawaya: Za maso oyendayendazo palibe wayankha. Pa mita imodzi, mzere wodzaza tabuleti yonse, woonera aona ndithu kuti munthu akuwerenga. Bwezani kamera m'mbuyo, mamita awiri kapena atatu, mukokere chithunzi ndi zumu. Kenako panikizani malire a m'mbali kuti mawu akhale pakati, atatu kapena anayi pa mzere. Fonti yosakongoletsa ngati Arial, zoyera pa zakuda. Kukula kwake musafunse ife, akhale pampando pomwepo, muzikulitsa mpaka awerenge osatsinzinira. Chinanso, osakopera kuchokera mu Word mwachindunji. Sungani kaye ngati .txt, musankhe UTF-8, apo ayi mapulogalamu ena amasandutsa ŵ ndi kachizindikiro ka mu ng'ombe kukhala zinyalala. Muonetsetsenso kuti liwu lisaduke pakati n'kupitirira mzere wina.

Wa Kwaya: Koma madzi aja musaiwale. Ndipo amwetulire.

Mphunzitsi Wopuma: Mwana wanga, funso langa ndi lina. N'chifukwa chiyani mukulembera munthu wamkulu mawu oti anene? Mwanena nokha kuti pamsonkhano amalankhula bwino. Akhale pansi akufotokozereni za mitengoyo ngati akucheza, mujambule mawu pa foni, ndiye mulembe zomwe anenazo n'kuzidulira. Munthu sakodwa ndi mawu ake omwe.

Mkulu wa Situdiyo: Ndiye telepulomputayo ya chiyani? Ndi zomwe ndinanena poyamba paja, aloweze.

Mphunzitsi Wopuma: Sindinanene zoloweza, bambo. Werengani bwino.

Mlembi wa Ofesi: Ndabwera ndi zotsatira. Tayesa ndi wotchi, awerenga mawu 95 pa mphindi. Ndiye kuti 285 basi, ndichotse 135, ndipo sindikudziwa kuti ndiwauza bwanji a zachuma kuti ndime yawo yachoka. Ndadula mizere monga mwanenera amayi, ndikuyendetsa ndekha ndi kiyibodi, ndipo ndime yoyamba ayiwerenga bwino mpaka anaseka. Malangizo ngati "yang'anani kumanja" ndinawaika mkati mwa mawu ndipo anawawerenga mokweza, ndiye ndawachotsa. Koma titasunthira pakhonde kuti kamera ikhale mamita awiri ndi theka, akuti sakuona bwino. Amavala magalasi owerengera, kodi zikukhudzana?

Mayi wa Nkhani: Zikukhudzana kwambiri. Magalasi owerengera anapangidwira buku lili m'manja, patali amachititsa chimbuuzi. Ayese atawavula, inu mukulitse zilembo, ngakhale mzere utsale ndi mawu awiri. Ngati ndi aja a pawiri, oonera patali kumwamba ndi owerengera kumunsi, kamera ikhale yofanana ndi maso awo kuti asamadzutse chibwano. Malangizo ofunikadi mutha kuwabwezera, koma pa mzere wawokha ndi mtundu wina, monga wachikasu, ndipo muwauziretu kuti zachikasu sanena.

Mkulu wa Situdiyo: Magalasi amabwezanso kuwala kwa nyali. Kwezani nyaliyo m'mwamba, muisunthire cham'mbali. Zimenezi nazonso mukanafunsa kaye.

Mlembi wa Ofesi: Akuti popanda magalasi sadzimva ngati iwowo, ndipo anthu sawazindikira. Mawa m'mawa tiyesa mamita awiri ndi magalasi awo akale oonera patali, ngati awapeze.