Zatheka: mafunde oima pakati pa akalilole awiri

Ndinafunsa kuti: "N'chifukwa chiyani kuwala kotsekeredwa pakati pa akalilole awiri angwiro kumalola mafilikwensi ena okha?"

Zikomo nonse amene munandiyankha. Ndinatsatira malangizo oyambira pa kalilole penipeni. Pamenepo mphamvu ya magetsi ya funde iyenera kukhala ziro, choncho mpata L umangokwana matheka athunthu a funde: L = nλ/2, pomwe n ndi chiwerengero cha mathekawo ndipo λ ndi kutalika kwa funde. Apa mpamene pamachokera f = nc/2L, pomwe f ndi filikwensi ndipo c ndi liwiro la kuwala.

Nditayesa ndi mpata wa masentimita 30, mafilikwensi ololedwa anatalikirana ndi 500 MHz. Chinandidabwitsa n'chakuti pa kuwala kwa 600 nm, n amafika 1,000,000.

Amene mukubwera pambuyo, samalani ndi 2L, chifukwa funde limapita n'kubwerera. Mukalemba L yekha, mumataya mafilikwensi onse amene n wake sagawika ndi 2.