Konekishoni ikudulidwa ndi RST ikakhala mphindi zingapo osagwira ntchito

Wa ku Kanengo:
Akuluakulu, ndithandizeni chifukwa mutu waima. Pulogalamu yathu ya Python imatumiza mapempho a malipiro ku seva ya kampani ina kudzera mu `requests.Session`, ndipo kutsogolo kwa seva yawo kuli lodi balansa imene ife sitingaikhudze. Masana makasitomala akachuluka zonse zimayenda bwino, koma usiku ndi m'mamawa, pempho loyamba kukakhala kuti kunali zii limagwa ndi `ConnectionResetError(104, 'Connection reset by peer')`, pamene lachiwiri limadutsa bwinobwino. Eni akewo akuti seva yawo imasunga konekishoni masekondi 600 ndipo m'malogi awo mulibe chilichonse. Nanga akudulayo ndani?

Wa ku Biwi:
Achimwene, imeneyo ndi nkhani yakale. Linux imadikira masekondi 7200 isanatumize paketi yoyamba yofufuza ngati konekishoni ili moyo, ndiye maola awiri ndi ambiri kwa lodi balansa iliyonse. Tsitsani `net.ipv4.tcp_keepalive_time` ifike pa 60, mukagone.

Wa ku Kanengo:
Ndinatsitsa kale, bambo, ndipo palibe chimene chinasintha.

Wa ku Likuni:
Musanasinthe china, tiyambe taona zimene zikudutsa pa waya, chifukwa uthenga womwewo umabwera pa zifukwa zosiyana. Yendetsani ichi pa makina amene akutumiza mapemphowo, muchisiye mpaka vuto lichitike:

```
tcpdump -nnv -i any host <ip> and port 443
```

Chimene mukufuna ndi zimene zikuchitika pakati pa yankho lomaliza ndi pempho logwalo. Mukaona `[F.]` ikuchokera mbali yawo, ndiye kuti atseka mwaulemu, ndipo nthawi zambiri urllib3 imazindikira soketi yotereyo nkutsegula ina, kupatula ngati kutsekako kwakumanizana ndi pempho lanu m'njira. Mukapanda kuona kanthu, kenaka inu nkutumiza `[P.]` ndi kulandira `[R]` kapena `[R.]`, ndiye kuti chinachake chapakati chafufuta konekishoniyo m'kaundula wake osauza aliyense, inu ndi seva yawo mukuyesa kuti mukadalumikizana. Muyang'anenso `ttl` ya paketi ya RST ija: ikasiyana ndi ya mapaketi ena a konekishoni yomweyo, mwayi ndi waukulu kuti sinachokere ku seva yeniyeniyo.

Wa ku Chilinde:
Zimenezi zinatichitikiranso ife. Seva yathu ya Node inali ndi `keepAliveTimeout` ya masekondi 5 monga imabwerera, pamene lodi balansa inkasunga konekishoni masekondi 60, ndiye balansayo inkatumiza pempho pa soketi imene seva yangotseka kumene, makasitomala nkumaona 502. Tinakweza ya seva kufika pa 65 ndipo zinatha. Auzeni akweze yawo.

Wa ku Likuni:
Achemwali, yanuyo ndi mbali inayo ya balansa, pakati pa iyo ndi seva, ndipo mankhwala ake ndi omwe mwanenawo. Koma apa anzathuwa sakulandira 502, akulandira RST, ndipo ya seva ili kale pa 600.

Wa ku Kanengo:
Zotsatira ndi izi. `FIN` palibe nkomwe. Pambuyo pa yankho lomaliza pamakhala zii, kenaka `[P.]` yathu, ndipo nthawi yomweyo `[R]` yokhala ndi `ttl` yosiyana ndi ya mapaketi ena. Ndayesanso kusiya mpata wosiyanasiyana pakati pa mapempho awiri: pa masekondi 60, 120, 180 ndi 230 zikudutsa, koma pa 250 ndi 300 zikugwa nthawi zonse.

Wa ku Biwi:
Si zimene ndanena zija? Malire ali pafupi ndi 240, ndiye 60 iyenera kugwira. Mwina simunayendetse `sysctl -p`, kapena simunayambitsenso pulogalamu.

Wa ku Likuni:
Bambo, pa mtundu wa vuto mwalondola, koma taonani zimene anzathu alemba: mu mpata wonsewo munali zii. Zikanakhala kuti 60 yanuyo ikugwira, akanaona kapaketi ka `length 0` kakutuluka mphindi iliyonse. Nambala ya `sysctl` imakhudza masoketi okhawo amene pulogalamu yawayatsira `SO_KEEPALIVE`, ndipo requests siyatsa chimenecho payokha. Achimwene a ku Kanengo, tsimikizani ndi ichi:

```
ss -tno state established '( dport = :443 )'
```

Pa konekishoni imene ili duu, mukapanda kuona `timer:(keepalive` kumapeto kwa mzere, ndiye kuti palibe chimene chikutumizidwa. Muyenera kupanga `HTTPAdapter` yanu imene mu `init_poolmanager` ikupereka `socket_options` izi, nkuiika pa sesheni ndi `mount`:

```
urllib3.connection.HTTPConnection.default_socket_options + [
    (socket.SOL_SOCKET, socket.SO_KEEPALIVE, 1),
    (socket.IPPROTO_TCP, socket.TCP_KEEPIDLE, 60),
]
```

Ubwino wake ndi wakuti mukusintha soketi za pulogalamu imodzi, osati za makina onse. Koma ndikuchenjezeni kuti izi zimathandiza pamene chapakaticho chimawerenga paketi iliyonse ya TCP ngati chizindikiro cha moyo. Balansa imene imalandira HTTP yokha nkutsegula konekishoni ina kupita ku seva kawirikawiri imawerenga deta yeniyeni, ndipo timapaketi topanda kanthuto sitiletsa kudula kwake. Malinga ndi zimene mwaonazi, yanuyi ikuoneka ya mtundu woyamba. Mphindi 4 ndi malire amene Azure Load Balancer imabwera nawo, pamene Network Load Balancer ya AWS imabwera ndi masekondi 350, koma musathamangire kuloza chala, popeza fayawolo kapena NAT ya mu ofesi yanu yomwe ikhoza kuchita chimodzimodzi. Mukayesa muli pa netiweki ina malire nkukhalabe omwewo, pamenepo mukhoza kuwalembera eni ake ndi umboni.

Wa ku Mchesi:
Ine chenjezo langa lili pa kubwereza. Wina aliyense akaona kuti pempho lachiwiri limadutsa amathamangira kuika `Retry`, ndipo akaona kuti urllib3 sibwereza `POST` payokha amaiwonjezera mu `allowed_methods`. Kumene ndinkagwira ntchito kale anachita zomwezo. RST yambiri inalidi yobwera pempho lisanafike ku seva, koma ina inkabwera seva italandira kale pempho nkudula ndalama, ndipo pulogalamu sinkatha kusiyanitsa ziwirizi. Kumapeto kwa mwezi a ku akaunti anakhala ndi mapepala patebulo akufufuza mmodzimmodzi makasitomala amene anadulidwa kawiri. Ngati kampaniyo ilibe nambala yapadera ya pempho yoti izikanira lobwerezedwa, malipiro musawabwereze mwachimbulimbuli. Yambani mwafunsa ngati loyamba linalowa.

Wa ku Chilinde:
Nanga bwanji osangotumiza `Connection: close` pa pempho lililonse, nkhani nkuthera pomwepo?

Wa ku Mchesi:
Zimagwira, koma pempho lililonse lidzayamba ndi kutsegula TCP ndi TLS mwatsopano, ndipo ngati seva ili kunja kwa dziko, maulendo owonjezerawo kuchokera ku Lilongwe kuno kasitomala amawamva ali pa kauntala. Usiku sizivuta, koma masana pamene panalibe vuto mudzakhala mwachedwetsa aliyense. Ine ndikanataya konekishoni imene yakhala duu nthawi yaitali m'malo moisunga ndi moyo. Mu requests mulibe poikira malire otere, koma httpx ili ndi `keepalive_expiry`, imene imabwera pa masekondi 5.

Wa ku Biwi:
Kusintha laibulale yonse chifukwa cha nambala imodzi? Ine ndayendetsa maseva zaka zambiri ndipo `sysctl` sinandikhumudwitsepo.

Wa ku Likuni:
Mwina mapulogalamu anuwo ankayatsa okha `SO_KEEPALIVE`, bambo. Ndipo pali china: ngati pulogalamu ili mu kontena, nambalayo ndi ya netiweki ya kontenayo, moti kusintha pa makina akulu sikulowa mkati. Achimwene, yanuyi ili mu Docker? Ngati ndi choncho, `ss` ija muiyendetsenso muli mkati mwa kontena.

Wa ku Biwi:
Ndiye aike 60 mkati mwa kontenamo.